Kuyesa ngati boma ndi mbewu imene alimi amakonda zili pa ubale: mayeso a kayi-sikweya

Mwafunsa alimi 200 a m'maboma awiri kuti ndi mbewu iti imene amaikonda koposa, ndipo mayankho ali m'manja mwanu. Mukawayang'ana mukuona ngati boma lina limakonda chimanga kuposa linzake. Koma simunafunse alimi onse. Mukanagogoda pa makomo ena, manambala akanasiyana pang'ono, ndipo nkhani yagona pamenepa. Kusiyana kumene mukukuonaku ndi kwenikweni, kapena kwabwera chifukwa cha anthu amene mwangopezana nawo? Mayeso a kayi-sikweya, amene amalembedwa ndi chizindikiro cha χ², anapangidwira funso limeneli. Anawayambitsa ndi Karl Pearson mu 1900.

Ntchito yake yonse ndi kufananiza matebulo awiri. Loyamba ndi limene mwalipeza pa kafukufuku wanu. Lachiwiri mumalipanga nokha, ndipo limaonetsa mmene manambala akanakhalira boma likanakhala lopanda gawo lililonse pa mbewu imene mlimi amakonda. Mukalimvetsa tebulo lachiwirili, zotsala zonse ndi masamu a kuphatikiza ndi kugawa basi. Manambala amene tigwiritse ntchito pano ndi ongoyerekeza, osankhidwa kuti agawike bwino.

Yambani ndi kuwerenga anthu

Jambulani tebulo. Boma lililonse likhale ndi mzere wake wopingasa, mbewu iliyonse ikhale ndi mzere wake wotsika. Pamene mizere yakumana pali bokosi, ndipo m'bokosimo mulembe chiwerengero cha alimi a m'boma limenelo amene anatchula mbewu imeneyo. Kumapeto kwa mzere uliwonse lembani thotolo.

| | Chimanga | Mtedza | Soya | Thotolo |
|---|---|---|---|---|
| Boma A | 70 | 30 | 20 | 120 |
| Boma B | 30 | 30 | 20 | 80 |
| Thotolo | 100 | 60 | 40 | 200 |

Musanapitirire, onetsetsani zinthu ziwiri. Choyamba, m'mabokosi mukhale chiwerengero cha anthu, osati maperesenti, mahekitala kapena makilogalamu. Chachiwiri, mlimi aliyense apezeke m'bokosi limodzi lokha. Njira yachidule yodziwira ndi kuyang'ana nambala ya pangodya: ngati munafunsa anthu 200 koma thotolo yatuluka 260, ndiye kuti ena anatchula mbewu ziwiri ndipo mwawawerenga kawiri. Tebulo lotero siliyenera kulowa m'mayesowa. Ngati funso lanu linkalola mayankho angapo, tengani mbewu imodziimodzi, mupange tebulo la "anaitchula" ndi "sanaitchule".

Kenaka sandutsani mzere uliwonse kukhala maperesenti, kuti maso anu aone chimene chikuchitika. M'boma A, alimi 70 mwa 120 anasankha chimanga, amene ndi 58 peresenti. M'boma B ndi 30 mwa 80, amene ndi 37.5 peresenti. Onani mtedza: manambala ndi ofanana, 30 ndi 30, koma 30 mwa 120 ndi 25 peresenti pamene 30 mwa 80 ndi 37.5 peresenti. Munthu woyang'ana manambala okha akhoza kunena kuti maboma awiriwa amakonda mtedza mofanana, chonsecho ayi. Maperesentiwa alembeni pambali. Ndi othandiza pofotokoza, koma sitiwalowetsa m'masamu.

Pangani tebulo la zoyembekezeka

Apa m'pofunika kudekha. Timayamba ndi ganizo loti ubale palibe, kutanthauza kuti kudziwa boma la mlimi sikukuthandizani kulosera mbewu imene amakonda. Sikuti tikulikhulupirira ganizoli. Tikungoliimika kuti tione ngati manambala athu angaligwetse.

Tiyerekeze kuti ndi loona. Mwa alimi onse 200, okonda chimanga ndi 100, ndiye theka. Ngati boma lilibe gawo, theka la alimi a m'boma A ayenera kukonda chimanga, theka la a m'boma B chimodzimodzi. Theka la 120 ndi 60, theka la 80 ndi 40. Mtedza unasankhidwa ndi 60 mwa 200, atatu pa khumi alionse, choncho tikuyembekeza 36 m'boma A ndi 24 m'boma B. Soya ndi mmodzi pa asanu alionse: 24 ndi 16. Njira yake mwachidule ndi iyi, pamene E ndi nambala yoyembekezeka:

```
E = (thotolo ya boma × thotolo ya mbewu) ÷ thotolo ya onse
E = (120 × 100) ÷ 200 = 60
```

| Zoyembekezeka | Chimanga | Mtedza | Soya | Thotolo |
|---|---|---|---|---|
| Boma A | 60 | 36 | 24 | 120 |
| Boma B | 40 | 24 | 16 | 80 |
| Thotolo | 100 | 60 | 40 | 200 |

Mathotolo a tebulo ili ayenera kufanana ndendende ndi a tebulo loyamba lija. Akasiyana, mwalakwitsa penapake, bwererani. Pa kafukufuku weniweni manambala oyembekezeka satuluka athunthu chonchi. Mukhoza kupeza 17.4 kapena 8.25, ndipo musawasandutse athunthu poganiza kuti kulibe munthu watheka. Asiyeni ndi madesimo ake, chifukwa kuwadula msanga kumasokoneza yankho lomaliza.

Yezani mpata m'bokosi lililonse

Tsopano ikani matebulo awiriwa pafupi. Pa chimanga cha m'boma A tinapeza 70 pamene tinkayembekeza 60, mpata wa 10. Pa chimanga cha m'boma B tinapeza 30 pamene tinkayembekeza 40, kuperewera ndi 10. Mukaphatikiza mipata yonse mmene ilili, zoposa ndi zoperewera zimadyana n'kutsala ziro, ndipo zimatero pa tebulo lililonse. N'chifukwa chake mpata uliwonse timauchulukitsa ndi iwo womwe, kuti onse akhale mbali imodzi.

Tikatero timagawa ndi nambala yoyembekezeka. Chifukwa chake n'chomveka: kuphonya ndi anthu 10 pamene mumayembekeza 40 ndi nkhani yaikulu kuposa kuphonya ndi 10 pamene mumayembekeza 400. Kugawako kumaika mpata uliwonse pa muyezo wa bokosi lake. Ndi O ngati nambala yopezeka, ndi Σ ngati chizindikiro chophatikiza mabokosi onse, fomula yonse ndi iyi:

```
χ² = Σ (O − E)² ÷ E

A, chimanga:  (70 − 60)² ÷ 60 = 1.667
A, mtedza:    (30 − 36)² ÷ 36 = 1.000
A, soya:      (20 − 24)² ÷ 24 = 0.667
B, chimanga:  (30 − 40)² ÷ 40 = 2.500
B, mtedza:    (30 − 24)² ÷ 24 = 1.500
B, soya:      (20 − 16)² ÷ 16 = 1.000

χ² = 8.33
```

Matebulo awiri aja akanafanana kotheratu, χ² ikanakhala ziro. Akamatalikirana, imakula. Manambala asanu ndi limodzi a m'mabokosiwa musawataye, tidzawafunanso.

Kodi 8.33 ndi yaikulu?

Payokha nambalayi siinena kanthu, chifukwa tebulo la mabokosi ambiri limatulutsa χ² yaikulu ngakhale ubale palibe. Tiyenera kudziwa kaye kuti ndi mabokosi angati amene ali omasuka kusintha. Yesani izi: fafanizani manambala onse a m'kati mwa tebulo loyamba, musiye mathotolo okha. Lembani 70 pa chimanga cha boma A. Pomwepo chimanga cha boma B chakakamizika kukhala 30, popeza thotolo ndi 100. Lembani 30 pa mtedza wa boma A, ndipo mabokosi onse otsala adzidzaza okha. Munali ndi ufulu pa mabokosi awiri basi. Amenewa ndiwo madigiri a ufulu, amene mapulogalamu amalemba kuti df.

```
df = (maboma − 1) × (mbewu − 1) = (2 − 1) × (3 − 1) = 2
```

Pearson mwiniwake ankawerenga madigiriwa molakwika pa matebulo otere, ndipo anakonza ndi Ronald Fisher mu 1922. Choncho amene amachotsera 1 pa chiwerengero cha mabokosi onse n'kupeza 5 akubwereza cholakwa chakale kwambiri.

Kenaka sankhani malire. Ambiri amagwiritsa ntchito 0.05, kutanthauza kuti avomera kuti pa kafukufuku 100 aliyense wochitidwa kumene ubale kulibe, pafupifupi 5 adzawanamiza kuti ulipo. Malirewa asankheni musanaone zotsatira. Pa 0.05, nambala yofunika kuidutsa ndi 3.841 ngati df ndi 1, 5.991 ngati ndi 2, 7.815 ngati ndi 3, ndi 9.488 ngati ndi 4. Ife tili pa 2, ndipo 8.33 yadutsa 5.991. Ganizo loyambira lija lagwa: manambalawa sakugwirizana ndi zoti boma lilibe gawo. Tikanasankha malire okhwima a 0.01, tikanafunika kudutsa 9.210, ndipo sitikanafika.

Kompyuta imapereka nambala ya p, imene pano ndi 0.0155. Tanthauzo lake ndi ili: ubale ukanakhala kuti palibedi, mpata waukulu chonchi kapena woposa apa ukanaoneka pa kafukufuku mmodzi kapena awiri mwa 100 alionse. Sizitanthauza kuti mwayi woti ubale palibe ndi 1.55 peresenti. Ziganizo ziwirizi zimamveka zofanana, koma choyamba chokha ndicho choona, ndipo chachiwiri chimapezeka m'malipoti ambiri kuposa mmene chiyenera.

Mu Excel, ikani matebulo onse awiri popanda mathotolo, manambala opezeka pa B2:D3 ndi oyembekezeka pa B7:D8, kenaka lembani:

```
=CHISQ.TEST(B2:D3, B7:D8)
=CHISQ.INV.RT(0.05, 2)
```

Mzere woyamba umatulutsa p, osati χ², ndipo ena amalemba 0.0155 ngati χ² yawo chifukwa chosadziwa zimenezi. Wachiwiri umatulutsa 5.991. Mu pulogalamu ya masamu yotchedwa R simufunika kupanga nokha tebulo la zoyembekezeka:

```r
alimi <- matrix(c(70, 30, 20, 30, 30, 20), nrow = 2, byrow = TRUE)
m <- chisq.test(alimi)
m
m$expected
m$stdres
```

Mudzaona `X-squared = 8.3333, df = 2, p-value = 0.0155`. Ngakhale muli ndi pulogalamu, ndikulimbikitsa kuti tebulo limodzi mulichite pamanja kamodzi. Mukatero mudzazindikira msanga pulogalamu ikadya manambala olakwika, mwachitsanzo pamene mwasankhira limodzi mzere wa mathotolo.

Ubalewo uli pati, ndipo ndi waukulu bwanji?

Ambiri amalekera pa p, koma mayesowa angokuuzani kuti penapake m'tebulo muli kusiyana. Sananene kuti ndi pati. Bwererani ku manambala asanu ndi limodzi aja. Mabokosi awiri a chimanga apereka 1.667 ndi 2.500, pamodzi 4.17, theka lenileni la χ² yonse. Lamulo la `m$stdres` limaonetsa zomwezi momveka bwino: limapereka nambala pa bokosi lililonse, ndipo yoposa 2 kapena yotsika kupitirira −2 ndiyo yoyenera kuiyang'anitsitsa. M'boma A chimanga chili pa 2.89, mtedza pa −1.89, soya pa −1.44. Chimanga chokha ndicho chadutsa.

Taonani china m'tebulo loyamba. Mukachotsa okonda chimanga, m'boma lililonse mwatsala alimi 50, ndipo agawikana mofanana ndendende, 30 mtedza, 20 soya. Ndiye kuti maboma awiriwa sakusiyana pa kusankha pakati pa mtedza ndi soya. Akusiyana pa chinthu chimodzi: kukonda chimanga kapena kukonda mbewu ina. Mfundo imeneyi ndi imene mlangizi wa zaulimi angaigwiritse ntchito, ndipo p yokha sikanamuuza.

Pa kukula kwa ubale, gwiritsani ntchito muyezo wa V wa Harald Cramér. Umayambira pa 0, pamene ubale palibe, kufika pa 1, pamene ubale uli wathunthu. Mu fomulayi n ndi anthu onse, k ndi nambala yaing'ono pakati pa chiwerengero cha mizere yopingasa ndi yotsika:

```
V = √( χ² ÷ (n × (k − 1)) ) = √( 8.33 ÷ (200 × 1) ) = 0.20
```

0.20 ndi ubale wooneka koma wosalimba kwambiri. Zikugwirizana ndi tebulo: ngakhale m'boma A, alimi 50 mwa 120 sanasankhe chimanga.

V ndi wofunika chifukwa χ² imakula ndi chiwerengero cha anthu. Tiyerekeze kuti munafunsa alimi 100 okha ndipo anagawikana chimodzimodzi: 35, 15, 10 m'boma A ndi 15, 15, 10 m'boma B. Maperesenti sanasinthe, koma χ² yatsika ndi theka kufika pa 4.17, p yakwera kufika pa 0.12, ndipo 5.991 sinadutsidwe. Mukanafunsa 2,000, χ² ikanakhala 83.3. M'zochitika zitatu zonsezi V ndi 0.20 yomweyo. Pali maphunziro awiri apa. P yaing'ono kwambiri sitanthauza ubale waukulu, mwina mwangofunsa anthu ambiri. Ndipo p yoposa 0.05 si umboni woti ubale palibe. Wofunsa alimi 100 uja ayenera kulemba kuti sanapeze umboni wokwanira, osati kuti maboma ndi ofanana.

Zimene zimaononga mayesowa

Chitsanzo cha alimi 100 chija chikuonetsanso kuipa kolowetsa maperesenti. Mukaika 58.3, 25, 16.7 ndi 37.5, 37.5, 25 m'malo mwa chiwerengero cha anthu, kompyuta imaganiza kuti munafunsa anthu 100 m'boma lililonse. Imatulutsa χ² ya pafupifupi 8.7 pamene yoona ndi 4.17, ndipo mumalengeza ubale umene umboni wanu sunafike poutsimikizira. Palibe chenjezo limene lidzaoneke. Chizindikiro chake n'choti mzere uliwonse ukuwonkhetsa 100.

Vuto lachiwiri ndi mabokosi aang'ono. Manambala monga 5.991 amachokera ku kuyerekeza kumene kumayenda bwino pokhapokha zoyembekezeka zikakhala zazikulu mokwanira. Lamulo lodziwika, limene William Cochran analemba mu 1954, ndi loti pasakhale bokosi la nambala yoyembekezeka yochepera 1, ndipo mabokosi ochepera 5 asapitirire limodzi pa asanu alionse. Onetsetsani kuti mukuyang'ana tebulo la zoyembekezeka. Ziro m'tebulo la zopezeka si vuto ngati yoyembekezeka yake ndi yaikulu. M'chitsanzo chathu yaing'ono kwambiri ndi 16, choncho tili bwino. Koma onjezani mbewu yachinayi imene anaitchula alimi 4 okha mwa 200. Zoyembekezeka zake zikhala 2.4 ndi 1.6, mabokosi awiri mwa asanu ndi atatu, ndipo lamulo lasweka. Popeza timagawa ndi E, munthu mmodzi kapena awiri m'bokosi lotero akhoza kukankhira χ² m'mwamba. R imachenjeza ndi mawu oti `Chi-squared approximation may be incorrect`, koma Excel imangokhala chete.

Zikatero muli ndi njira ziwiri. Mukhoza kuphatikiza mbewu zosowazo kukhala gulu limodzi, bola kuphatikizako kukhale kwanzeru, monga kuika mbewu za mtundu wa nyemba pamodzi. Chisankhochi chichokere ku chikhalidwe cha mbewuzo. Kuyesa maphatikizo osiyanasiyana mpaka p itatsika pansi pa 0.05 ndi kudzinamiza nokha pamodzi ndi owerenga anu. Njira ina ndi kusiya tebulo mmene lilili n'kugwiritsa ntchito `fisher.test(alimi)` kapena `chisq.test(alimi, simulate.p.value = TRUE)`, zimene sizidalira kuyerekeza kuja.

Pa tebulo la mizere iwiri ndi iwiri, R imachepetsa mpata uliwonse ndi 0.5 yokha osakufunsani, potsata kakonzedwe ka Frank Yates ka 1934. Mukaphatikiza mtedza ndi soya m'chitsanzo chathu, pamanja mupeza 8.33 koma R ikupatsani 7.52. Simunalakwitse. Lembani `correct = FALSE` ndipo manambala afanana.

Vuto lachitatu ndi lalikulu kuposa onse, ndipo silioneka m'tebulo. Mayesowa amatenga kuti yankho la mlimi mmodzi silidalira la mnzake. Ngati alimi 120 a m'boma A munawapeza m'magulu anayi a alimi, gulu lililonse likulandira mbewu ndi ulangizi kuchokera kumodzi, ndiye kuti mulibe maganizo 120 oima paokha. Kufunsa anthu awiri a m'nyumba imodzi, kapena mlimi yemweyo nyengo ziwiri, kumabweretsa vuto lomweli. Zotsatira zake n'zoti χ² imatupa ndipo p imaoneka yaing'ono kuposa yoona. Kafukufuku wosankha midzi kaye kenaka anthu amafuna mayeso okonzedwa, monga a Rao ndi Scott, amene mu R amapezeka pa `svychisq` ya mu `survey`. Ngati anthu munawasankha chifukwa anali pafupi ndi msewu kapena anabwera okha ku msonkhano, palibe fomula imene ingakonze zimenezo, ndipo zimene mwapeza zikunena za anthu amenewo okha.

Kulemba zotsatira

Samalani ndi mawu oti "chifukwa". Boma ndi mzere pa mapu, silipangitsa munthu kukonda mbewu. Kumbuyo kwake kungakhale nthaka, mvula, kukula kwa minda, ulimi wothirira kapena kupezeka kwa ogula, ndipo mayesowa sasiyanitsa zimenezi. Ngati mukukayikira chimodzi mwa izo, monga kukula kwa munda, gawani alimi m'magulu a minda yaing'ono ndi yaikulu, mupange tebulo la boma ndi mbewu pa gulu lililonse. Kusiyana kukazimiririka m'matebulo onse awiri, ndiye kuti boma linkangonyamula nkhani ya minda. Kumbukirani kuti pogawa chonchi mabokosi amachepa, choncho onaninso zoyembekezeka.

Mu lipoti ikani tebulo la chiwerengero pamodzi ndi maperesenti a boma lililonse, kenaka ziganizo ngati izi: "Mwa alimi 200 amene anafunsidwa, mbewu yokondedwa inasiyana pakati pa maboma awiriwa, χ² = 8.33, df = 2, p = 0.016, V = 0.20. Kusiyanaku kunali pa chimanga, chimene anachisankha alimi 58 peresenti m'boma A ndi 37.5 peresenti m'boma B. Mwa amene sanasankhe chimanga, atatu pa asanu alionse anasankha mtedza m'maboma onse awiri." Pansi pake nenani mmene alimiwo anasankhidwira, nambala yoyembekezeka yaing'ono kwambiri, imene pano ndi 16, komanso ngati munaphatikiza mbewu zilizonse ndi chifukwa chake.